Kulembera aneba kakalata kofotokoza chidziwitso cha madzi chomwe foni yamasulira

Zidziwitso zambiri za madzi ndi zinyalala muno m'tawuni ya Kasungu zimatuluka m'Chingelezi. Wina amachipeza chitamatidwa pa ofesi kapena pamsika, amachijambula, n'kuchiponya pagulu la WhatsApp la m'dera. Wina amachilowetsa mu pulogalamu yomasulira, pakuti Chichewa chili mu Google Translate kuyambira m'chaka cha 2014, ndipo chithunzi chachiwiri, cha mawu a Chichewa, chimayamba kuyenda chokha popanda choyamba chija. Chikafika kwa aneba achikulire omwe Chingelezi sachiwerenga, iwo amadziwa kuti pali nkhani ya madzi, koma tsiku lake, nthawi yake, ndiponso ngati nyumba yawo ikukhudzidwa, zimakhala zosamveka.

Malangizo athu ndi akuti chithunzi chomasuliridwacho chikuthandizeni inuyo kumva nkhani yake, koma musachipereke kwa aneba chili chomwecho. Lembani kakalata kanu, ndipo manambala onse muwatenge pa chithunzi choyamba cha Chingelezi, ndi maso anu.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Sichidziwitso chenicheni, tachipeka motsata mmene zidziwitso zotere zimalembedwera. Tiyerekeze kuti aneba anu ndi aNaphiri a ku Chankhanga, ali ndi adzukulu anayi pakhomo, ndipo chithunzi chafika Lachiwiri madzulo chili ndi mawu awa:

```
NOTICE OF WATER SUPPLY INTERRUPTION
Thursday 09/10/2025 to Friday 10/10/2025
0600hrs to 1800hrs daily
Areas: Chankhanga, Belele and surrounding areas
Reason: maintenance works on the main pipeline
Customers may experience low pressure or no water.
Keep all taps closed and store enough water.
```

Choyamba, pezani chithunzi choyambirira, chathunthu

Ngati chakufikani ndi cha Chichewa chokha, funsani amene watumiza kuti akupatseni cha Chingelezi. Akalephera, musalembe kanthu kufikira mutachipeza, kapena mutafunsa ku ofesi. Pulogalamu yomasulira chithunzi imagwira ntchito ziwiri motsatana: imayamba yazindikira zilembo zomwe zili papepala, kenako n'kumasulira zomwe yazindikirazo. Ikaphonya pa ntchito yoyamba, yachiwiri imangopitiriza cholakwikacho mwaukhondo, ndipo mawu a Chichewa amaphimba a Chingelezi moti simungaone pomwe zasokonekera. Pepala lopindika, kuwala kwa galasi la bolodi, inki yosuluka ndi dzuwa, zonsezi zimachititsa kuti 1 aoneke ngati 7, 3 ngati 8, 0 ngati 6.

Mukachipeza, chikulitseni ndi zala n'kuona ngodya zonse zinayi za pepala. Pamwamba payenera kuoneka dzina la amene walemba, pansi tsiku lomwe chalembedwa kapena udindo wa wosayina. Mbali ya kumanja ndiyo imadulidwa kawirikawiri, chifukwa wojambula amaimirira chambali, ndipo kumanjako n'kumene kumathera mizere. Pa chitsanzo chathu, kudula pang'ono chabe kukhoza kuchotsa liwu loti "daily", ndipo muona m'munsimu kuti liwu limeneli likusintha nkhani yonse.

Ngati pepalalo lili pafupi, pitani mukajambule nokha. Imani molunjika, musayatse nyali ya kamera pa bolodi lagalasi, ndipo jambulani kawiri: pepala lonse, kenako pafupi pomwe pali masiku ndi maina a madera.

Chachiwiri, walemba ndani, ndipo ndi cha liti

Anthu amangoti "a khonsolo alengeza", koma madzi a m'mipopi ku Kasungu ndi ku Mchinji sali m'manja mwa khonsolo. Amayendetsedwa ndi Central Region Water Board, omwe tonse timangoti a wotabodi. Khonsolo ya tawuni ya Kasungu imaona za zinyalala, misika ndi misonkho ya malo. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi ntchito pa kakalata kanu, chifukwa aNaphiri akafuna kukafunsa adziwe khomo loyenera kugogoda, asayende ulendo wa kabaza pachabe. Dzina la bungwe lilembeni monga lilili pamutu pa pepala. Musatenge lomwe foni yamasulira, chifukwa liwu loti "Board" likhoza kusanduka thabwa kapena bolodi.

Kenako tsimikizani kuti chidziwitsocho n'chatsopano. Zithunzi zakale zimauka kwa akufa nthawi iliyonse madzi akangovuta. Njira yachangu ndi kufananiza tsiku la sabata ndi deti pa kalendala ya foni. Chitsanzo chathu chikuti Lachinayi, 09/10/2025. Tsegulani kalendala: pa 9 Okotobala 2025 ndi Lachinayi ndithu. M'chaka cha 2024, pa 9 Okotobala linali Lachitatu. Ndiye ngati chaka chadulidwa pa chithunzi, kapena sichinalembedwe n'komwe, tsiku la sabata likuuzani ngati chili cha chaka chino. Zikapanda kugwirizana, mwina ndi chakale, mwina wotayipa anaphonya, ndipo njira imodzi yokha yodziwira ndi kufunsa eni ake.

Chidziwitso chilichonse chouza anthu kuti atumize ndalama pa nambala ya foni ya munthu kuti madzi asadulidwe, musachimasulire, musachilembere kalata. Auzeni aneba kuti asalipire kufikira zitatsimikizika ku ofesi.

Chachitatu, deti ndi nthawi

Apa m'pomwe makalata ambiri amasocherera, choncho tikhalapo pang'ono.

Kuno kwathu timayamba ndi tsiku, kenako mwezi. 09/10/2025 ndi pa 9 Okotobala. Ku Amereka amayamba ndi mwezi, ndipo mapulogalamu ena amatsata zimenezo, moti deti yomweyo imawerengedwa kuti pa 10 Seputembala. Tsikulo linali Lachitatu, osati Lachinayi, ndiye kalendala ikugwiriraninso ntchito. M'kakalata musalembe deti ya manambala okhaokha. Lembani dzina la tsiku, nambala, ndi dzina la mwezi: Lachinayi pa 9 Okotobala. Mawu oti "mawa" ndi "mkuja" okha ndi oopsa, chifukwa kapepala kolowetsedwa pansi pa chitseko Lachiwiri usiku kakhoza kuwerengedwa Lachitatu masana. Mukhoza kuwalemba, koma pambali pa dzina la tsiku.

Samalaninso ndi maina a masiku. Lachinayi ndi la nambala 4 kuwerenga kuyambira Lolemba, ndipo ndilo "Thursday". Wolemba mothamanga amasokoneza "Tuesday" ndi "Thursday", makamaka akafupikitsidwa kuti "Tue" ndi "Thu" pa pepala losaoneka bwino. Lachiwiri ndi Lachinayi zatalikirana masiku awiri, okwanira kuti munthu atunge madzi, awagwiritse ntchito onse, mpopi n'kudzauma ndowa zili gwa.

Nthawi ya maofesi imalembedwa mwa maola 24. Kuyambira 1300 kupita m'tsogolo, chotsani 12. Motero 0600hrs ndi 6 koloko m'mawa, 1800hrs ndi 6 koloko madzulo, 2200hrs ndi 10 koloko usiku. Foni nthawi zina imaona "hrs" n'kumasulira ngati kuchuluka kwa maola, n'kutulutsa zonga "maola 600 mpaka maola 1800", zomwe kwa wowerenga zilibe mutu. Pakakhala 12:00 yopanda china chilichonse, kapena "12am", musaganizire. Olemba ambiri amasokoneza masana ndi pakati pa usiku pamenepa. Lembani kuti chidziwitso sichikumveka ngati ndi masana kapena usiku, ndipo aneba akonzekere nthawi yoyambirira mwa ziwirizo.

Tsopano liwu lija loti "daily". Likakhalapo, tanthauzo n'lakuti madzi asiya 6 koloko m'mawa, abwera 6 koloko madzulo, Lachinayi, kenako chimodzimodzi Lachisanu. Pali mpata wotunga usiku wa Lachinayi. Likapanda kukhalapo, n'kulembedwa kuti kuyambira Lachinayi 0600hrs mpaka Lachisanu 1800hrs, ndiye kuti madzi asowa maola 36 osalekeza. Chichewa cha pafoni chikhoza kupereka ziwirizi ndi mawu ofanana, "kuyambira 6 mpaka 6". Funso loti usiku wapakati madzi adzatuluka kapena ayi muliyankhe nokha kuchokera pa Chingelezi, ndipo yankho lake lilembedwe poyera m'kakalata.

Ngakhale pali "daily", ife timalangiza kuti mpata wa usikuwo musaudalire. Mapaipi akaphwa, amatenga nthawi kuti adzadze, ndipo madzi amayamba afika nyumba za kumunsi ndi za kufupi ndi thanki. A kumtunda ndi a kumapeto kwa paipi amalandira mochedwa, mwina m'bandakucha, mwina osalandira n'komwe asanatsekenso. Magetsi akazima pa nthawi yopopa, kuchedwako kumawonjezeka. Ola lolembedwa ndi lomwe amisiri akuyembekeza kutsegula, osati lomwe madzi adzafike pa mpopi wa aNaphiri.

Chachinayi, kodi nyumba yawo ilimo

Maina a malo awerengeni pa chithunzi choyamba basi. Pulogalamu sidziwa kuti Belele ndi dera, ndiye ikhoza kulisintha kalembedwe, kulidumpha, kapena kuliphatikiza ndi liwu loyandikana nalo. Zikakhala kuti chidziwitso chili m'tebulo, madera kumanzere masiku kumanja, monga zimakhalira pogawa madzi mosinthana m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala damu la Chitete likatsika, vuto limakula: foni ikhoza kuwerenga mzere woimirira wonse kaye, kenako winawo, ndipo dera limagwera pa tsiku la dera lina. Ikani chala kapena m'mphepete mwa pepala pansi pa dzina la dera lanu n'kutsata mzerewo mpaka kumanja.

Mawu oti "and surrounding areas" akutanthauza madera ozungulira, koma madzi satsata malire a mawodi kapena a mafumu, amatsata paipi. Nyumba ziwiri zoyang'anana pamsewu zikhoza kumwa mapaipi osiyana. Ngati dera la aneba silinatchulidwe koma layandikana ndi lotchulidwa, funso lothandiza ndi ili: nthawi zam'mbuyomu madzi atasiya ku dera lotchulidwalo, kunonso ankasiya? Ngati inde, lembani kuti dzina lathu palibe koma tikonzekere. Musalembe kuti tikukhudzidwa ngati pepala silinatero, komanso musawatsimikizire kuti tapulumuka.

Chachisanu, mawu anayi omwe amasokoneza

"Interruption" ndi kusiya kwa madzi kwa kanthawi, kwa dera lonse, chifukwa cha ntchito kapena vuto. "Disconnection" ndi kudulidwa kwa madzi pa nyumba imodzi, kawirikawiri chifukwa cha ngongole ya bilu. M'Chichewa zonse ziwiri zimatha kutuluka kuti "kudula madzi", ndipo munthu wachikulire akamva kuti amudulira madzi amaganiza za bilu, tulo n'kusowa, m'mawa n'kukakongola ndalama. M'kakalata nenani mosabisa kuti si nkhani ya bilu ndipo palibe cholipira.

"Low pressure" sikuti madzi achepa m'damu, kapena kuti ndi oipa. Akutanthauza kuti adzatuluka mofooka. Kwa wokhala kumtunda, kapena amene ali ndi thanki pamwamba ndi shawa, kufookako n'chimodzimodzi kusowa, chifukwa madzi sakwera. Mpopi wapanja, wam'munsi, ndiwo umatsala ukudontha.

"May" ndi liwu laling'ono lomwe limatayika mosavuta. "May experience" akuti mwina, osati ndithu. Lisungeni. Mukalemba kuti madzi sadzatuluka n'komwe, iwo n'kutuluka, ulendo wina aneba sadzakukhulupirirani.

Chachisanu ndi chimodzi, sandutsani "store enough water" kukhala ndowa zowerengeka

Chidziwitso chimangoti sungani madzi okwanira. Kakalata kabwino kamanena kuti angati. Muyeso womwe a zaumoyo amagwiritsa ntchito pa zofunika zenizeni, kumwa, kuphika ndi kudzisamalira pang'ono, ndi malita pafupifupi 20 pa munthu pa tsiku, chomwe ndi chigubu chimodzi chachikasu chija kapena ndowa yaikulu imodzi. Kwa aNaphiri kuli anthu 5. Masiku tiwerenge 2 athunthu, posadalira usiku wa Lachinayi. 5 kuchulukitsa ndi 20 ndi malita 100 pa tsiku, masiku awiri malita 200. Amenewo ndi zigubu 10, kapena diramu imodzi yodzadza. Kuchapa zovala mulibemo m'chiwerengerochi, choncho achapiretu Lachitatu.

Nyumba yokhala ndi chimbudzi chamadzi iwonjezere. Kugejemula kamodzi kumadya malita 6 mpaka 9, pa mathanki akale kuposa apo, ndipo anthu asanu akhoza kumaliza theka la diramu pa tsiku ndi chimbudzi chokha. Madzi omwe asambira kale ndi omwe atsukira mbale asungidwe m'ndowa kuti azithira m'chimbudzi. Pomwe pali chimbudzi chokumba panja, masiku awiriwo chigwire ntchito chimenecho.

Pa zigubu khumizo, ziwiri zikhale za madzi akumwa okha, zotsukidwa bwino, zotsekedwa, zoikidwa m'nyumba pamthunzi. Chigubu chili bwino kuposa ndowa chifukwa kukamwa kwake n'kochepa, mwana sangaviikemo kapu ndi dzanja. Chomwe munali mafuta agalimoto, palafini kapena mankhwala a mbewu sichiyera ngakhale mutsuke kangati, ndipo kuno kwa alimi a fodya zigubu zotere n'zambiri pakhomo. Ngati madzi atha n'kukatunga pachitsime, awiritsidwe mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena athiridwe kolorini motsata muyeso wolembedwa pa botolo kapena womwe alangizi a zaumoyo apereka, n'kudikira mphindi 30 asanamwe.

Nthawi yotungira muitchulenso. Dera lonse likamva nkhaniyi limatsegula mipopi Lachitatu madzulo nthawi imodzi, mphamvu ya madzi n'kugwa. Kutunga Lachitatu m'mamawa kapena usiku kwambiri kumadzadza msanga. Amene ali ndi mita yogulira mayunitsi aone kaye ngati atsala okwanira: malita 200 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a kiyubiki mita imodzi, yomwe ndi malita 1,000.

Kakalata kake

Zonsezi zachitika kumbali yanu. Kwa aNaphiri kupite kapepala kamodzi, kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, kotere:

*Amayi aNaphiri,*

*Mwaswera bwanji? Ndine bambo a Chisomo, nyumba ya mpanda wa bango. Ndalemba Lachiwiri pa 7 Okotobala.*

*A wotabodi alengeza kuti madzi asiya kuno ku Chankhanga masiku awiri: LACHINAYI pa 9 ndi LACHISANU pa 10 Okotobala, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo tsiku lililonse. Akukonza paipi yaikulu. Akuti mwina adzatuluka mofooka, mwina osatuluka. Si nkhani ya bilu, palibe cholipira, ndipo aliyense wobwera kudzapempha ndalama pa nkhaniyi musamupatse.*

*Apempha kuti mipopi yonse ikhale yotseka ndiponso tisunge madzi.*

*Izi ndawonjezera ine, sizili pa chidziwitso: Lachinayi usiku madzi akhoza kubwera koma musawadalire, kuno kwathu amachedwa. Pa anthu asanu mufunika zigubu 10 kapena diramu imodzi. Tungani Lachitatu m'mamawa, muchapiretu tsiku lomwelo. Ngati zigubu zaperewera, ndili nazo zitatu, mutume mwana.*

*Chithunzi cha chidziwitsocho ndili nacho pafoni, mukafuna ndibwera nacho tidzaonere limodzi.*

*Zikomo.*

Onani mmene kayalidwira. Moni ndi dzina la wolemba zili pamwamba, chifukwa kapepala kopanda mwini kamaoneka ngati mphekesera kapena chiopsezo. Tsiku lolembera lilipo. Nkhani yaikulu, masiku ndi maola, yabwera nthawi yomweyo, osati pambuyo pa mawu aulemu a ofesi oti bungwe likufuna kudziwitsa makasitomala ake olemekezeka. Mawu amenewo ndi kupepesa kwa kumapeto musavutike nako kumasulira.

Chofunika koposa ndi mzere uja woti "izi ndawonjezera ine". Umalekanitsa zomwe eni madzi anena ndi nzeru zanu. Popanda mzerewu, aNaphiri akauza anzawo kutchalitchi kuti a wotabodi ati zigubu khumi nyumba iliyonse, ndipo pofika madzulo nkhani idzakhala yoti wopanda zigubu khumi alipira chindapusa. Komanso madzi akabwera Lachinayi usiku bwinobwino, aliyense adziwa kuti kuchenjera kunali kwanu, chidziwitso sichinaname.

Chichewa chake chikhale chomwe mumayankhula nawo pa mpanda. Foni ikalemba kuti "kusokonezedwa kwa kaperekedwe ka madzi", inu lembani kuti madzi asiya. Ulemu wa "mu-" ndi "-ni" usasowe: tungani, musamupatse, mutume. Zomasulira za pafoni nthawi zina zimagwera ku "iwe", ndipo kukopera mawu oti "sunga madzi" kwa munthu wa msinkhu wa amayi anu n'chipongwe ngakhale simunafune. Pewaninso mawu olamula pa zinthu zomwe ndi maganizo anu. Ngati aneba ndi alendi anzanu pa mpopi umodzi, onjezani mzere wogawana nthawi yotungira, ndipo a landilodi alandire uthenga womwewo.

Kukapereka

Perekani m'manja ngati n'kotheka, ndipo muwerenge nawo. Ambiri amene sawerenga bwino sanena, amangolandira n'kuthokoza. Mukatha, musafunse kuti "mwamva?", chifukwa yankho ndi "eya" nthawi zonse. Funsani kuti, "Ndiye mutunga liti, amayi?" Akayankha kuti Lachitatu m'mamawa, uthenga wafika. Pa WhatsApp, jambulani mawu omwewo ndi pakamwa, osapitirira mphindi imodzi, tsiku ndi ola muzitchule kawiri, ndipo tumizani pamodzi ndi chithunzi cha Chingelezi kuti mdzukulu wa kusekondale athe kufananiza. Cha Chichewa cha pafoni chija chisiyeni, chingodzutsa mtsutso.

Mukazindikira kuti munalakwitsa, kapena eni ake asintha tsiku, musangotumiza uthenga wina pamwamba pa woyamba. Tengani kapepala kakale, lembani katsopano koyamba ndi mawu oti "Zasintha", ndipo pa WhatsApp fufutani wakalewo. Mapepala awiri a masiku osiyana m'nyumba imodzi, amene amatsatidwa ndi amene wapezeka pafupi.

Madzi akabwerera

Mzere uja woti mipopi ikhale yotseka aneba ambiri amaunyozera, ndiye ndi bwino kuwafotokozera chifukwa chake pakamwa. Mwana amatsegula mpopi masana, palibe chotuluka, n'kuusiya chomwecho. Madzi amabwera 2 koloko usiku onse ali mtulo. Mpopi wotsegula umatha kutulutsa malita 10 kapena kuposa pa mphindi, ndiye maola atatu okha ndi malita pafupifupi 1,800, madiramu asanu ndi anayi, onse atadutsa pa mita. Wa mayunitsi amadzuka atatha, wa bilu amadzaona kumapeto kwa mwezi, ndipo ngati mpopiwo ndi wa m'nyumba, mphasa ndi matumba a chimanga zimakhala zanyowa. Njira yosavuta ndi kutseka pa kampopi ka pafupi ndi mita Lachinayi m'mawa, n'kumatsegula pokhapokha pofuna kuona ngati abwera.

Pobwera, mpopi umayamba watsokomola mpweya, kenako madzi ofiirira chifukwa cha dothi ndi dzimbiri zomwe zatakasika m'mapaipi. Atsegule mpopi wapanja pang'onopang'ono, akhetsere m'ndowa kufikira ayere, ndipo oyambawo apite ku chimbudzi kapena ku maluwa. Madzi ooneka oyera ngati mkaka ndi mpweya chabe: athireni m'galasi, muona akuyera kuyambira pansi kukwera m'mwamba m'mphindi zochepa. Akakhalabe ofiirira kapena onunkha patapita nthawi yaitali akutuluka, kapena ngati anzanu onse alandira koma nyumba imodzi yokha ayi, imeneyo ndi nkhani yokanena ku ofesi, atatenga nambala ya akaunti yomwe ili pa bilu kapena nambala ya mita. Nyumba yokhala ndi giza izimitse swichi yake madzi asanasiye, ndipo isayatse kufikira mpopi wa madzi otentha utatulutsa madzi osadukiza, kuopa kupsereza chotenthetsera.

Chidziwitso chikakhala cha zinyalala, chochokera ku khonsolo, njira ndi yomweyi, koma muyang'anitsitse zinthu ziwiri. China ndi liwu loti "refuse", lomwe pa zidziwitso zotere limatanthauza zinyalala, koma foni ikhoza kulimasulira kuti kukana, moti "refuse collection" n'kumveka ngati akana kudzatola pomwe akulengeza tsiku lodzatola. China ndi kusiyana kwa "every Tuesday", Lachiwiri lililonse, ndi "fortnightly" kapena "every other Tuesday", komwe ndi kudumpha sabata imodzi. Pa chachiwirichi musangolemba kuti pakapita masabata awiri. Tsegulani kalendala muwalembere aNaphiri madeti atatu otsatizana, monga pa 14 ndi pa 28 Okotobala kenako pa 11 Novembala, ola lomwe matumba ayenera kukhala atafika pamsewu, ndi malo enieni oikapo.